Zomwe tinaphunzira Lachiwiri pa timagulu ta maatomu, ndi funso la mabotolo anayi

Tiyamike: Anzanga nonse, makamaka inu amene munapita ku maliro ku Luchenza Lachiwiri lija, pepani ndi zovutazo, ndipo zikomo potiimirira ife amene tinatsala. Ena mwandiuza kuti kalata yomwe ndinatumiza pa imelo simunathe kuitsegula, choncho ndikuiika pano monga momwe ndinailembera. Pamene ndalakwitsa mundikonze.

Okondedwa anzanga, phunziro la kemisitiri ya oganiki linali la mafankishonalo gulupu, omwe m'kalata muno ndiziwatchula kuti timagulu ta maatomu. Aphunzitsi anati tisathamangire kuloweza mayina, koma tiyambe taona kuti molekyulu ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi mndandanda wa makaboni ndi mahayidirojeni, womwe timaulemba ndi chilembo cha R, ndipo mbali imeneyi kawirikawiri imangokhala phee ikakumana ndi mankhwala ena. Mbali yachiwiri ndi kagulu ka maatomu kolumikizidwa ku mndandandawo, ndipo ndi kameneka komwe kamapatsa molekyulu khalidwe lake. Ine ndinazimva motere: R ndi mpini, kagulu ndi chitsulo chomwe waikako. Mpini ukaika khasu umalima, ukaika nkhwangwa umadula mitengo, ndipo kutalika kwa mpiniwo sikusintha khasu kukhala nkhwangwa.

Tinaona timagulu tinayi tokha, tonse tokhala ndi okosijeni. Alikoholo ndi R-OH. Aludehayidi ndi R-CHO, pomwe kaboni wogwirana ndi okosijeni ndi mabondi awiri amakhala kumapeto kwa mndandanda ndipo amakhala ndi hayidirojeni wakewake. Kitoni ndi R-CO-R', pomwe kaboni yemweyo ali pakati pa makaboni ena awiri ndipo alibe hayidirojeni. Asidi wa kabokisiliki ndi R-COOH, pomwe C=O ndi -OH zili pa kaboni mmodzi. Anatichenjeza kuti aludehayidi tizilemba -CHO osati -COH, chifukwa wowerenga angaganize kuti pali -OH pomwe palibe. Maesita anati tidzawaona sabata yamawa.

Pofuna kutionetsa kuti kagulu ndi komwe kamalamula, anatipatsa mamolekyulu atatu olemera pafupifupi mofanana. Puropeni, CH3CH2CH3, amalemera 44 ndipo amawira pa madigiri -42. Ethanalo, CH3CHO, amalemeranso 44 koma amawira pa madigiri pafupifupi 20. Ethanolo, CH3CH2OH, amalemera 46 ndipo amawira pa madigiri 78. Chifukwa chake ndi chakuti mu ethanolo muli hayidirojeni wolumikizidwa ku okosijeni, ndipo hayidirojeni ameneyu amakoka okosijeni wa molekyulu yoyandikana nayo, motero pamafunika kutentha kwambiri kuti mamolekyulu alekane. Ethanalo ali ndi okosijeni, koma mahayidirojeni ake onse ali pa makaboni, choncho mamolekyulu ake amakokana pang'ono chabe.

Pomaliza tinaona okosidesheni. Ethanolo amasanduka ethanalo, ndipo ethanalo amapitirira kukhala asidi wa ethanoiki: CH3CH2OH → CH3CHO → CH3COOH. Koma CH3CH(OH)CH3 amasanduka CH3COCH3 n'kuimira pomwepo, pamene (CH3)3COH sasintha n'komwe. Njira yodziwira ndi kuwerenga mahayidirojeni omwe ali pa kaboni wonyamula -OH: akakhala awiri ulendo umafika ku asidi, akakhala mmodzi umathera pa kitoni, akapanda kukhalapo ulendo palibe.

Ntchito yomwe anatipatsa ndi iyi. Pali mabotolo anayi opanda zolemba, ndipo muli CH3CH2CH2OH, CH3CH2CHO, CH3COCH3 ndi CH3CH2COOH, zonse zamadzimadzi zopanda mtundu. Aliyense alembe ndondomeko yodziwira botolo lililonse, ndipo abwere nayo Lachisanu tisanalowe mu labotale.

Madalitso: Zikomo kwambiri achemwali, mwatithandiza ife amene kunalibe. Funso la mabotololi ndikuona ngati ndi lapafupi, pokhapokha ngati ndikuphonya penapake. Ku sekondale tinaphunzira kuti chilichonse chokhala ndi OH, monga NaOH ndi KOH, ndi alikali ndipo chimasandutsa pepala lofiira la litimasi kukhala lobiriwira ngati mtambo. Ndiye botolo la alikoholo tingalidziwe ndi litimasi yemweyo, la asidi nalonso ndi litimasi, n'kutsala ndi awiri okha. Chomwe chikundizunguza mutu ndi asidiyo, chifukwa nayenso ali ndi OH kumapeto kwake, ndiye sindikumvetsa kuti akhala bwanji asidi ndi alikali nthawi imodzi.

Makwinja: A Madalitso, funso lanuli ndinkalilandira chaka chilichonse pa nthawi yomwe ndinkaphunzitsa ku sekondale ndisanabwerere ku sukulu, ndipo ndi funso labwino chifukwa likukhudza pamtima penipeni pa phunziroli. Zilembo za O ndi H zikakhala moyandikana sizitanthauza chinthu chimodzi paliponse. Mu NaOH muli maayoni awiri, Na+ ndi OH−, ndipo mukasungunula m'madzi OH− amayenda payekha, ndiye amene amasintha litimasi. Mu alikoholo okosijeni amagwirana ndi kaboni pogawana maelekitironi, ndipo madzi sangamuchotsepo. Mukaviika litimasi mu alikoholo simuona kusintha kulikonse, chimodzimodzinso mu aludehayidi ndi mu kitoni, choncho litimasi angakupatseni botolo limodzi lokha, la asidi.

Tsopano pa chomwe chakuzunguzani mutu. Mu alikoholo ndi mu asidi momwe, chomwe chingachoke si OH yense koma H+ yekha, ndipo funso ndi lakuti akachoka, chotsalacho chikhazikika kapena ayi. Ethanolo akataya H+, chaji yonse ya negetivi imatsala pa okosijeni mmodzi, ndipo okosijeniyo amafulumira kubweza H+ uja. Asidi wa ethanoiki akataya H+, pa kaboni yemweyo pali okosijeni wachiwiri, ndipo chajiyo imagawika mofanana pa maokosijeni awiriwo, ngati thumba la chimanga lomwe anyamulizana anthu awiri. N'chifukwa chake pKa ya ethanolo ili pafupifupi 16 pamene ya asidi wa ethanoiki ndi 4.76. Kumbukirani kuti kutsika ndi 1 pa pKa ndi kuwonjezeka kakhumi kwa mphamvu ya asidi, ndiye kusiyana kwa 11 kumeneku si kwamasewera. Mukaona -OH, musanatchule dzina lililonse, yang'anani kaye kaboni yemwe wamunyamula, muone kuti wagwiranso chiyani.

Madalitso: Ndamva bambo, ndipo ndaona pomwe ndinasokonekera. Ndiye kuti pa mayeso ndikalemba kuti CH3CH2COOH ali ndi timagulu tiwiri, ka alikoholo ndi ka kitoni, ndilakwa?

Makwinja: Mulakwa ndithu, ndipo wochonga sakupatsani ngakhale theka. -COOH ndi kagulu kamodzi kokhala ndi khalidwe lakelake, losiyana ndi la alikoholo komanso losiyana ndi la kitoni.

Yamikani: Ine ndondomeko yanga ndalemba kale, ndipo ndiiike pano kuti muione. Ndiyamba ndi K2Cr2O7 wothira asidi wa salifyuriki, chifukwa alikoholo amasintha mankhwala amenewa kuchoka ku mtundu wa lalanje kukhala wobiriwira ngati masamba, choncho botolo lomwe lisinthe mtundu ndi la alikoholo. Kenako mabotolo atatu otsalawo onse ali ndi C=O, ndiye 2,4-DNPH sangatithandize chifukwa apereka nsenga mu onse atatu. M'malo mwake ndigwiritsa ntchito mankhwala a Tollens kuti ndipeze aludehayidi, kenako NaHCO3 kuti ndipeze asidi, ndipo lotsalalo likhala la kitoni. Kunena zoona, kitoniyo ndikhoza kumudziwa ndi mphuno yokha, chifukwa ndi fungo lomwe lija la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo.

Tiyamike: Achimwene, pa sitepe yanu yoyamba ndikukayika. Mu kalata muja ndalemba kuti aludehayidi amapitirira kukhala asidi, ndipo mankhwala omwe amamufikitsa kumeneko ndi K2Cr2O7 yemweyo. Ngati ndi choncho, mabotolo awiri asanduka obiriwira, la CH3CH2CH2OH ndi la CH3CH2CHO, ndipo inu mutenga lomwe mwayamba kuyesa n'kulitcha alikoholo. Za mphunozo, aphunzitsi ananeneratu kuti fungo salandira ngati umboni.

Yamikani: Zoona, pamenepo ndagwa. Koma ndondomeko yonse sikuti yafa, chifukwa ndikhoza kutenga mabotolo awiri obiriwirawo n'kuwasiyanitsa ndi Tollens, ndipo awiri osasinthawo n'kuwasiyanitsa ndi NaHCO3. Mayeso ndi atatu basi, ndipo 2,4-DNPH safunika n'komwe.

Makwinja: Momwe mwaikonzeramu ndondomeko yanu ikugwira, a Yamikani, ndipo sindingaitsutse. Chofooka chake ndi chimodzi: kitoni mwamupeza chifukwa chakuti wakana mayeso onse, ndipo botolo la madzi wamba likanakananso chimodzimodzi. Komanso mawu anu akuti 2,4-DNPH apereka nsenga mu onse atatu si oona. Mankhwala amenewa amapereka nsenga zachikasu kapena za mtundu wa lalanje ndi aludehayidi ndi kitoni zokha. Ndi asidi wa kabokisiliki sapereka, chifukwa okosijeni wa -OH amakankhira maelekitironi ake kwa kaboni wa C=O, motero kaboniyo sakhala ndi njala ya maelekitironi ngati wa mu kitoni. Ndi nkhani yomwe ija ndauza a Madalitso, koma tsopano tikuiona kuchokera mbali ya C=O.

Ine ndikanachita motere. Choyamba, mu timachubu tinayi ndithira pafupifupi mililita imodzi ya NaHCO3 wosungunula m'madzi, n'kudonthezamo madontho ochepa a botolo lililonse. Kachubu komwe katulutse thovu la CO2 ndi ka CH3CH2COOH, ndipo botolo limenelo ndiliika pambali. Ndimayamba ndi asidi dala, chifukwa mankhwala a Tollens ndi a alikali ndipo asidi amawasokoneza. Chachiwiri, atatu otsalawo ndiwayesa ndi 2,4-DNPH, ndipo awiri apereka nsenga. Losapereka nsengalo ndiliyesa ndi K2Cr2O7 kuti ndione mtundu wobiriwira, ndipo pamenepo alikoholo ndamupeza ndi umboni wooneka. Chachitatu, awiri a nsenga aja ndiwayesa ndi Tollens m'madzi ofunda kwa mphindi zingapo, ndipo kachubu komwe kachite kalilole wa siliva m'mbali mwake ndi ka CH3CH2CHO. Lotsalalo ndi kitoni, ndipo tili ndi maumboni awiri: lili ndi C=O, koma lakana okosidesheni.

Zomwe zimalakwika mu labotale ndi izi, ndipo ndinazionapo ndi maso anga. Ophunzira amakonda kutsuka timachubu ndi asetoni kuti tiume msanga, osakumbukira kuti asetoni ndi CH3COCH3 yemweyo, ndiye kachubu kalikonse kamapereka nsenga ndi 2,4-DNPH. Mukaona mabotolo onse akuvomera, musakondwe, tengani timachubu tina. Kachubu kakakhala ndi mafuta kapena litsiro, siliva samamatira ku galasi koma amagwa ngati nsenga zakuda kapena zotuwa, ndipo anthu amalemba kuti mayeso akana pomwe avomera. Chinthu chachikulu koposa ndi chakuti mankhwala a Tollens amakonzedwa nthawi yomweyo, pothira dontho la NaOH mu AgNO3 kenako amoniya wosungunula pang'onopang'ono mpaka nsenga zoderazo zitangosungunuka, ndipo sasungidwa. Akakhalitsa amapanga mankhwala a siliva omwe amatha kuphulika, choncho mukamaliza perekani kachubuko kuti katsukidwe ndi asidi wa nayitiriki wosungunula tsiku lomwelo.

Chisomo: Pepani, ine ndinali pakati pa opita ku maliro, ndipo ndangomaliza kuwerenga zonsezi. Mzere uja wa ethanolo kusanduka asidi wandikumbutsa kwathu ku Chonde, komwe azakhali anga amafulula mowa wa masese. Mowawo ukagona masiku awiri kapena atatu umawawasa mpaka anthu kuukana, ndipo thobwa nalo limachita chimodzimodzi. Ndiye kuti chomwe chimachitika mu mbiyamo ndi CH3CH2OH → CH3COOH? Ngati ndi choncho, okosidesheniyo akuchitika bwanji popanda K2Cr2O7, ndipo n'chifukwa chiyani sitimva fungo la aludehayidi pakatipo?

Yamikani: Ndi zomwezo achemwali. Mpweya wa okosijeni ndi womwe ukugwira ntchito ya K2Cr2O7, ndipo viniga amapangidwa mwa njira imeneyi.

Makwinja: A Yamikani alondola mbali imodzi. Viniga amapangidwadi kuchokera ku ethanolo, koma mpweya pawokha umachita zimenezi mochedwa kwambiri, ndipo n'chifukwa chake kachasu amakhala m'botolo miyezi osasanduka viniga. Ogwira ntchitoyo ndi mabakiteriya otchedwa Acetobacter, omwe amafuna mpweya ndipo amakhala pamwamba pa mowa wosavindikira. Ethanalo amapangikadi pakatipo, koma mabakiteriyawo amamupititsa msanga ku asidi, motero saunjikana wambiri. Komabe, kuwawasa kwa thobwa ndi masese kwakukulu sikuchokera kumeneko. Kumachokera ku mabakiteriya ena omwe amadya shuga wa mu phala ndi chimera n'kupanga asidi wa lakitiki, yemweyo wa mu chambiko, ndipo njira imeneyi sidutsa ku ethanolo ndiponso sifuna mpweya. Mphuno ikhoza kukuuzani, a Chisomo: asidi wa ethanoiki amauluka ndipo amalasa m'mphuno ngati viniga, pamene wa lakitiki amawawasa pa lilime koma fungo lake ndi lochepa. Mbiya ya azakhali anu ikayamba kununkha viniga, ndiye kuti Acetobacter alowererapo.

Asidi wa lakitiki ndi chitsanzo chabwino pa phunziro lathuli, chifukwa fomula yake ndi CH3CH(OH)COOH. Apa ndiye pali timagulu tiwiri tenitieni, pa makaboni awiri osiyana. A Madalitso, tauzeni anzanu kuti molekyulu imeneyi ichita chiyani ndi NaHCO3 komanso ndi K2Cr2O7.

Madalitso: Ndiyesere bambo. Ndi NaHCO3 itulutsa thovu chifukwa cha -COOH. Kaboni wapakati wanyamula -OH ndipo ali ndi hayidirojeni mmodzi, choncho ndi K2Cr2O7 mtundu usintha kukhala wobiriwira ndipo pakatipo pakhala kitoni, CH3COCOOH. Ndikuganiza kuti ndi asidi wa payiruviki yemwe tinakumana naye mu bayoloje.

Makwinja: Ndi yemweyo, ndipo mwayankha bwino. Mukawonjezera kutentha ndi mankhwala ochuluka molekyuluyo ikhoza kuduka n'kutaya CO2, koma pa mlingo wa kalasi yathu yankho lanu ndi lokwanira.

Chisomo: Zikomo, tsopano ndamvetsa chifukwa chake amayi amathira soda pang'ono mu chinthu chomwe chawawasa ndipo chimachita thovu, popeza soda wophikira therere ndi NaHCO3 yemweyo. Ndili ndi funso lina lochokera kwathu konkuno, poti tazunguliridwa ndi minda ya tiyi. Ndinawerenga kuti m'masamba a tiyi muli mapolifenolo okhala ndi -OH wambiri. Kodi amenewa tiwawerenge ngati maalikoholo?

Tiyamike: Aphunzitsi anangozitchula podutsa, ndipo n'chifukwa chake sindinazilembe m'kalata. Anati -OH akakhala pa kaboni wa mu mkombero wa benzini, chinthucho chimatchedwa fenolo osati alikoholo, ndipo pKa ya fenolo ili pafupifupi 10, pakati pa alikoholo ndi asidi wa kabokisiliki. Chomwe sindinamvetse ndi chakuti anati fenolo amasungunuka mu NaOH ngati asidi koma satulutsa thovu ndi NaHCO3.

Makwinja: Kuti thovu lituluke, asidi ayenera kupereka H+ kwa HCO3−, ndipo zimenezi zimatheka ngati asidiyo ali wamphamvu kuposa asidi wa kaboniki, yemwe pKa yake ili pafupifupi 6.4. CH3CH2COOH ali pa 4.87, choncho amapambana. Fenolo ali pa 10, choncho amalephera, ngakhale kuti kwa OH−, yemwe ndi wamphamvu kwambiri, amapereka H+ wake mosavuta. Fenolo timamudziwa ndi FeCl3, yemwe amapereka mtundu wapepo. Ku tiyi, a Chisomo, mayeso amenewa mungawaone kunyumba: mukaphika tiyi ndi madzi a pa mjigo okhala ndi ayironi wambiri, tiyiyo amada bii, chifukwa ayironi wagwirana ndi timagulu ta fenolo tija.

Yamikani: Ndibwerere ku mabotolo athu, chifukwa chilipo chomwe chikundidetsa nkhawa pa ndondomeko ya bambo Makwinja. Mwanena kuti mpweya umasintha ethanolo mochedwa, koma ndimamva kuti maaludehayidi amasintha msanga akakhala m'botolo lotsegulidwatsegulidwa. Ngati botolo la CH3CH2CHO ndi lakale, mukhoza kukhala CH3CH2COOH pang'ono, ndiye likhoza kutulutsa thovu pa sitepe yoyamba yomweyo, ndipo tiliika pambali ngati asidi. Ndondomeko yanga, yomwe imayamba ndi K2Cr2O7, ilibe vuto limeneli, chifukwa botolo lakalelo lisintha mtundu ndithu pamene la asidi weniweni silisintha.

Makwinja: Nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo zimachitikadi ndi mabotolo akale a aludehayidi. Ine ndikanayerekeza kuchuluka kwa thovu, chifukwa asidi weniweni amachita thovu lambiri pamene aludehayidi wowonongeka pang'ono amangotulutsa timathovu towerengeka, ndipo pakakhala chikayiko ndikanayesa onse awiri ndi 2,4-DNPH. Koma ndikuvomera kuti kuweruza ndi maso kuchuluka kwa thovu si umboni wolimba. Chomwe chimandiletsa kuyamba ndi K2Cr2O7 ndi chakuti ndi poizoni woopsa yemwe angayambitse khansa, ndipo sindikonda kuti kalasi yonse imuthire mu timachubu tinayi pomwe kamodzi kakanakwanira.

Yamikani: Pamenepo tasiyana maganizo bambo, ndipo ine ndipereka ndondomeko yanga momwe ilili, kungowonjezera 2,4-DNPH kumapeto kuti kitoni akhale ndi umboni wake monga mwanenera.

Madalitso: Ine nditsata ya bambo Makwinja, koma ndilemba pansi pake chenjezo la botolo lakalelo. Achemwali a Tiyamike, kodi aphunzitsi anati tilembenso maikwezhoni a mayeso aliwonse, kapena mitundu ndi nsenga zokha?

Tiyamike: Anati pa sitepe iliyonse tilembe mankhwala, chomwe tikuyembekeza kuona mu kachubu kalikonse mwa tinayito, kuphatikizapo tomwe sitisintha, ndi ikwezhoni ya NaHCO3 yokha, yomwe ndi CH3CH2COOH + NaHCO3 → CH3CH2COONa + H2O + CO2. Funso la a Yamikani la botolo lakale ndikawafunsa mawa m'mawa ndisanalowe m'kalasi, ndipo ndikawafunsanso ngati K2Cr2O7 tidzamugwira tokha Lachisanu kapena adzangotionetsa kutsogolo.